Musanagule opishoni, yambani mwaona ngati mudzathe kuigulitsa: mmene mungawerengere tebulo la maopishoni

Aliyense amene anasinthapo ndalama ku byuro amalidziwa bolodi la mitengo iwiri lija. Mbali ina alembapo mtengo umene iwo akugulira dola, mbali inayo mtengo umene akugulitsira. Mutagula madola pawindo lomwelo nkusintha maganizo musanatuluke pakhomo, simungabwezeredwe makwacha onse amene munapereka. Kampata kali pakati pa mitengo iwiriyo ndi ka mwini byuro. Tebulo la maopishoni, limene pa sikirini amalilemba kuti `Option Chain`, ndi bolodi lomwelo, kungoti lili ndi mizere mazanamazana, ndipo pa mizere ina kampatako ndi kakakulu moti mumaluza gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zanu mphindi yomwe mwagulayo, mtengo wa sheya usanasunthe ndi pang'ono pomwe.

Ndikamba za msika wa ku Amereka, chifukwa ndi kumene malonda amenewa anakhazikika kuyambira pamene msika wa Cboe unatsegulidwa ku Chicago mu 1973, ndiponso ndi kumene abale athu ambiri okhala kunja amafikako kudzera mwa mabuloka a pa intaneti. Pa msika wathu wa masheya ku Blantyre maopishoni sagulitsidwa. Ndikutenga kuti mukudziwa kale kuti opishoni ndi ufulu wogula kapena kugulitsa masheya pa mtengo wogwirizana tsiku lina lisanadutse. Funso lathu pano ndi limodzi lokha: kodi opishoni imene mwailozayo ikuyenda malonda, moti mungalowe ndi kutuluka popanda kumetedwa?

Choyamba: konzani tebulo, ndipo yang'anani wotchi

Mukatsegula tebulo, pamwamba pamakhala masiku otha ntchito a maopishoni. Pakati pamatsika mndandanda wa mitengo yogwirizana ija, `Strike`. Kumanzere nthawi zambiri kumakhala `Calls`, maopishoni opatsa ufulu wogula, kumanja `Puts`, opatsa ufulu wogulitsa. Mapulogalamu ambiri a pafoni amangoonetsa mtengo umodzi pa mzere uliwonse kuti tsamba lioneke loyera. Musavomere zimenezo. Lowani pokonzera tebulo muyatse madanga awa: `Bid`, `Ask`, `Bid Size`, `Ask Size`, `Volume`, `Open Interest` ndi `Last`.

Kenako tsimikizani kuti manambala mukuonawo ndi a pompano. Masamba ambiri aulere amachedwetsa mitengo ndi mphindi 15, ndipo amalemba timawu toti `Delayed` pakona. Msika umatsegulidwa 9:30 m'mawa nkutsekedwa 4:00 madzulo nthawi ya ku New York. Kwathu kuno imeneyo ndi 3:30 masana mpaka 10:00 usiku kuyambira mu Malichi mpaka kuchiyambi kwa Novembala, ndipo miyezi inayo, Aamereka akabweza mawotchi awo, ndi 4:30 mpaka 11:00 usiku. Munthu amene akuwerenga tebulo m'mawa akumwa tiyi ku Lilongwe akuona msika wotseka. Ogulitsa anachotsa kale mitengo yawo yeniyeni, ndipo zotsalazo zimaoneka zoipa kuposa mmene zilili, kapena nthawi zina zabwino mwabodza. Ngakhale msika utatsegulidwa, ine mphindi 15 zoyambirira ndimangoyang'ana, chifukwa mitengo imakhala isanakhazikike.

Nachi chitsanzo chimene tiyende nacho. Manambala ndawapeka ndekha kuti tiphunzirirepo, koma maonekedwe ake ndi amene mungakumane nawo pa kampani yapakatikati. Sheya ili pa $48.20, ndipo inu mukufuna makontrakiti 5 a `Calls`.

```
   Strike  Bid x Size  Ask x Size  Last  Volume  Open Int
A  50      1.40 x 85   1.45 x 120  1.42  640     5210
B  50      0.85 x 6    1.15 x 10   0.80  3       41
C  52.5    0.60 x 2    0.95 x 4    0.78  900     60
D  55      0.30 x 40   0.35 x 55   0.41  0       1900
```

Mizere A, C ndi D ikutha Lachisanu lachitatu la mwezi wamawa, limene ndi tsiku la maopishoni a pamwezi. Mzere B uli ndi mtengo wogwirizana wofanana ndi A, koma ndi wa pasabata, ndipo ukutha masabata awiri A isanathe.

Chachiwiri: mitengo iwiri ija, ndi mpata wake

`Bid` ndi mtengo wokwera kwambiri umene wina ali wokonzeka kukulipirani ngati mukugulitsa tsopano. `Ask` ndi mtengo wotsika kwambiri umene wina ali wokonzeka kulandira ngati mukugula tsopano. Maopishoni a ku Amereka amagulitsidwa m'misika yoposa khumi, koma buloka wanu amakuonetsani mitengo yabwino koposa pa misika yonseyo pamodzi. Kawirikawiri amene ali mbali zonse ziwirizo si anthu wamba ngati inu ndi ine, koma makampani amene ntchito yawo ndi kuimika mitengo tsiku lonse, kugula potsika nkugulitsa pokwera. Ndi mavenda a msikawu.

Musaiwale kuchulukitsa. Kontrakiti imodzi imaimira masheya 100, choncho 1.45 pa sikirini ndi madola 145 m'thumba, ndipo mpata wa 0.05 ndi madola 5.

Masenti okha sanena zambiri. Mpata wa masenti 5 pa opishoni ya madola 8 si kanthu, koma pa opishoni ya masenti 30 ndi chilonda. Choncho pezani mtengo wapakati, kenako muone kuti mpatawo ndi gawo lanji la mtengowo:

```
(Ask - Bid) / ((Ask + Bid) / 2) x 100
```

Pa mzere A mpata ndi 0.05, pakati ndi 1.425, ndiye kuti 3.5 peresenti. Mukagula makontrakiti 5 pa 1.45 mulipira madola 725, ndipo mutawagulitsa nthawi yomweyo pa 1.40 mulandira 700. Madola 25 atsala kwa venda. Zimenezo nzopiririka.

Mzere B umakopa maso chifukwa ndi wotchipa. Koma mpata wake ndi 0.30 pa mtengo wapakati wa 1.00, ndiye kuti 30 peresenti. Makontrakiti 5 pa 1.15 ndi madola 575, ndipo kuwagulitsa pomwepo kukubwezerani 425 basi. Madola 150 apita. Kuti mumve bwino kulemera kwake, tiyerekeze kuti opishoniyi imakwera masenti 40 sheya ikakwera dola imodzi. Sheya iyenera kukwera masenti 75 kuti mungobweza zanu, pomwe pa mzere A ikangokwera masenti 13 mwafika. Mutha kulosera bwino kuti sheya ikwera, nkukweradi theka la dola, inu nkutulukabe ndi zochepa kuposa zimene munalowa nazo.

Malire oyenera ndi ati? Palibe lamulo lolembedwa, aliyense amadziikira. Ine mpata wosafika 5 peresenti sindidandaula nawo. Pakati pa 5 ndi 10 ndimalowa pokhapokha ndikapeza mtengo woyandikira pakati. Kupitirira 10 ndimafuna chifukwa chomveka, ndipo nthawi zambiri sindichipeza.

Pali chinthu chimodzi chimene chingakusokonezeni apa. Si maopishoni onse amene mitengo yake imayenda ndi senti imodziimodzi. A makampani otchuka amayenda ndi senti imodzi akakhala pansi pa madola 3, ndi masenti 5 akapitirira. Ena onse amayenda ndi masenti 5 pansi pa madola 3, ndi masenti 10 pamwamba pake. Ochepa okha, monga a SPY, QQQ ndi IWM, amene ndi matumba osonkhanitsa masheya a makampani ambiri, ndi amene amayenda ndi senti imodzi pa mtengo uliwonse. Ndiye taonani mzere D: 0.30 ndi 0.35. Mwa peresenti mpatawo ndi woposa 15, koma ngati kampaniyi ili m'gulu la masenti 5, mavenda sangathe kuyandikizanso mitengoyo kuposa apo. Msika wake si woipa. Vuto ndi lakuti opishoni yotchipa chonchi imakudulani kwambiri poilowa ndi poituluka, msika ukhale wabwino chotani.

Nanga `Last`? Umenewu ndi mtengo wa malonda omaliza, ndipo sunena kuti anachitika liti. Pa mzere D walembedwa 0.41, kunja kwenikweni kwa mitengo iwiri ya lero, chifukwa lero sipanachitike malonda ndipo 0.41 ndi wa dzulo kapena dzana. Mukaona `Last` ali kunja kwa `Bid` ndi `Ask`, dziwani kuti ndi mbiri yakale. Musawerengere ndalama zanu pa iye.

Chachitatu: kodi pa mtengowo pali makontrakiti angati?

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, chonsecho ndi posavuta. Nambala ili pambali pa mtengo ikunena kuchuluka kwa makontrakiti amene alipo pa mtengo umenewo. Pa mzere A, ogulitsa ali ndi 120 pa 1.45 ndipo ogula akufuna 85 pa 1.40. Oda yanu ya 5 ilowa osagwedeza kanthu. Pa mzere C ogulitsa ali ndi 4 okha, ogula akufuna 2. Inu mukufuna 5. Mukatumiza oda yongogula pa mtengo uliwonse, anayi atengedwa pa 0.95, wachisanuyo pa mtengo wotsatira umene simukuuona, mwina 1.05, mwina kupitirira.

Yang'anitsitsani mbali ya `Bid Size`, ngakhale mukubwera kudzagula, chifukwa khomo lotulukira lili kumeneko. Mukaonanso `Bid Size` ya 1 kapena 2 pa mtengo wooneka bwino, kayikirani. Kawirikawiri ameneyo ndi munthu wamba mmodzi amene waika oda yake patsogolo pa mavenda. Akaichotsa kapena wina akamugulitsa, mtengo weniweni wa mavenda umaonekera, ndipo umakhala kutali. Manambalawa amasinthasintha pa sekondi iliyonse, choncho apenyeni kwa mphindi imodzi kapena ziwiri muone ngati akukhazikika.

Chachinayi: voliyumu ndi makontrakiti otseguka

`Volume` ndi makontrakiti amene agulitsidwa lero pa mzere umenewo. Imayambira pa ziro m'mawa uliwonse nkumakwera tsiku likamapita. Ndiye voliyumu ya 40 patangotha theka la ola msika utatsegulidwa ndi yosiyana kutali ndi voliyumu ya 40 msika uli pafupi kutseka.

`Open Interest` ndi makontrakiti amene adakali moyo, amene anatsegulidwa koma sanatsekedwe, sanagwiritsidwe ntchito, ndipo sanathe. Kusiyana kwake ndi masheya nkwakuti masheya a kampani ali ndi chiwerengero chodziwika, pomwe kontrakiti ya opishoni imabadwa nthawi imene anthu awiri agwirizana. Wogula watsopano akakumana ndi wogulitsa watsopano, chiwerengero chimakwera ndi imodzi. Ngati amene anali nayo kale waigulitsa kwa munthu watsopano, kontrakitiyo yangosintha manja, chiwerengero sichisintha. Onse awiri akakhala kuti akutseka zimene anatsegula kale, chimatsika ndi imodzi. Voliyumu imawerenga malonda atatu onsewa mofanana.

Chofunika kudziwa nchakuti nambala imeneyi siyenda masana. Bungwe la OCC, limene limaima pakati pa wogula ndi wogulitsa aliyense pa msikawu, limawerengera usiku, ndipo nambala yatsopano imaoneka m'mawa wotsatira. Imene mukuiona lero ndi ya mmene zinathera dzulo.

Tsopano tiyike ziwirizi pambali pa mpata uja. Pa mzere A zonse zikugwirizana: voliyumu 640, otseguka 5210, mpata wochepa, makontrakiti ambiri mbali zonse. Pa mzere B zikugwirizananso, koma kumbali yoipa: malonda 3, otseguka 41, mpata wa 30 peresenti. Mizere imeneyi sivuta kuweruza.

Mzere C ndiye msampha. Voliyumu 900 ndi yaikulu kuposa ya mzere wina uliwonse, ndipo amene akungoyang'ana danga limenelo aganiza kuti apa ndiye pali msika wotentha. Koma otseguka ndi 60 okha, mpata ndi 45 peresenti, ndipo pa mitengoyo pali makontrakiti 2 ndi 4. Zimenezi sizingakhale anthu mazana akugulana tsiku lonse. Tsegulani mndandanda wa malonda a tsikulo, umene mapulogalamu ambiri amautcha `Time & Sales`. Mwachidziwikire mupeza kuti 900 yonseyo ndi malonda amodzi kapena awiri a kampani yaikulu, amene anakambirana mtengo paokha nkungowadutsitsa pamsika. Lole imodzi ikatsitsa matumba a chimanga pa msika wa kumudzi sindiye kuti msikawo wasanduka Lizulu. Mawa m'mawa mutha kubwerera kudzaona: `Open Interest` ikadumpha kufika cha m'ma 960, ndiye kuti wina anatsegula zatsopano. Ngakhale zitatero, makontrakiti 900 ali m'manja mwa munthu mmodzi, amene alibe chifukwa chogula anu 5.

Mzere D ukuonetsa mbali inayo. Voliyumu ndi ziro, komabe mavenda aima ndi makontrakiti 40 ndi 55 pa mitengo yoyandikana mmene malamulo akulolera. Mutha kugula kapena kugulitsa 5 nthawi yomweyo. Anthu ambiri amaganiza kuti pogulitsa ayenera kupeza munthu wina amene akufuna opishoni yomweyo, koma si mmene zilili. Venda amagula kwa inu nkudziteteza pogulitsa masheya enieni a kampaniyo. Nchifukwa chake maopishoni a kampani imene masheya ake amayenda malonda kwambiri amakhala ndi mipata yochepa ngakhale pa mizere yopanda voliyumu.

Ndiye kwa ine dongosolo lake ndi ili. Mpata ndi kuchuluka kwa makontrakiti pa mitengoyo zikunena zimene mungachite tsopano lino. Voliyumu ndi makontrakiti otseguka ndi mboni chabe, zothandiza kulingalira ngati msikawo udzakhalepobe sabata yamawa mukamadzafuna kutuluka. Ziwirizi zikatsutsana, ndimakhulupirira mpata. Ndimaonjezapo kalamulo kanga kamodzi: oda yanga isakhale gawo lalikulu la makontrakiti otseguka. Makontrakiti 5 pa 5210 ndi dontho, koma 5 pa 41 ndiye kuti msikawo ndine.

Chachisanu: yang'anani oyandikana nawo

Musaweruze mzere umodzi paokha. Kwerani ndi kutsika mizere iwiri kapena itatu, ndipo tsegulani masiku ena otha ntchito. Mudzaona kuti anthu amaunjikana pa manambala athunthu monga 45, 50 ndi 55, pa mitengo yoyandikira pamene sheya ili, ndiponso pa tsiku la pamwezi lija. Pa makampani apakatikati maopishoni a pasabata nthawi zambiri amakhala owuma, monga taonera pa B. Ngati maganizo anu pa sheyayo atha kukwaniritsidwa ndi mzere A, palibe chifukwa cholimbanirana ndi B kapena C.

Mukapeza mizere iwiri ya tsiku limodzi ndi `Strike` imodzi koma mitengo yosiyana kwambiri, yang'anani dzina la opishoniyo. Ngati kumapeto kwa zilembo za kampani kuli nambala, monga 1, imeneyo ndi kontrakiti imene inasinthidwa kampani itaphatikizana ndi ina kapena itasintha masheya ake. Kawirikawiri siimiranso masheya 100 wamba, ndipo ogula ake ndi ochepa kwambiri. Ilambalaleni.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani msika ndi oda yanu

Pa maopishoni gwiritsani ntchito oda ya `Limit`, imene mumalembapo mtengo umene simukufuna kupitirira. Oda ya `Market` imatenga chilichonse chimene yapeza, ndipo pa mzere ngati C yatha kukupwetekani m'sekondi imodzi.

Musanatumize, lembani papepala mtengo wanu womaliza. Tinene kuti pazifukwa zanu mukufunadi mzere B. Ikani oda ya kontrakiti imodzi pa 1.00, pakati penipeni, nkudikira theka la mphindi kapena mphindi yathunthu. Nthawi zina imatengedwa pomwepo, chifukwa mavenda amaonetsa mitengo yotalikirana pa mizere imene palibe akuiyang'ana, koma amalola kukumana nanu pakati mukafika ndi oda yeniyeni. Zikatero mwadziwa kuti msikawo ndi wabwinopo kusiyana ndi maonekedwe ake. Ikapanda kutengedwa, kwezani kufika 1.05 mudikirenso. Ngati munalemba kuti 1.05 ndiye malire, ndipo palibe wabwera, chotsani odayo. Mwaphunzira zinthu mosalipira: venda amene wakana kutsika pokugulitsani adzakananso kukwera pokugulani. Penyaninso ngati `Ask` ikuthawa mukamaiyandikira sheya isanasunthe. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti mbali inayo kuli wogulitsa mmodzi yekha.

Pa mzere A nkhani ndi yaifupi. Ngati mitengo ikuyenda ndi masenti 5, pakati palibe poima, ndiye mungaike 1.40 nkudikira pamzere kumbuyo kwa ena 85, kapena kulipira 1.45 nkuthana nazo. Onjezani ndalama ya buloka, imene ambiri amadula pa kontrakiti iliyonse polowa ndi potuluka, kuti mudziwe mtengo wonse wa ulendowo.

Chimene tebulo la lero silingakuuzeni ndi mmene mzere wanu udzaonekere sheya ikasuntha. Sheya ikakwera kufika 60, opishoni ya 50 ija idzakhala ya madola 10 ndi kanthu, anthu adzakhala atasamukira ku mizere ya 60 ndi 65, ndipo mpata wake ungakule kufika masenti 30 kapena 40. Mutha kuonerako lero lomwe: yang'anani mzere wa 40 kapena 37.5 pa tebulo lomwelo, umene uli kale madola 8 mpaka 11 pansi pa mtengo wa sheya, muone mpata wake. Sheya ikagwa kufika 40, opishoni yanu idzafanana ndi mizere ya 60 ya lero. Yang'ananinso kumeneko. Mukapeza `Bid` ya 0.00, ndiye kuti pa mizere yotero palibe wogula ndi mmodzi yemwe, ndipo amene ali nazo angodikira tsiku lotha ntchito. Fufuzaninso tsiku limene kampaniyo idzalengeze zotsatira za malonda ake a miyezi itatu, chifukwa madzulo a tsikulo ndi m'mawa wotsatira mavenda amatalikitsa mitengo ngakhale pa mizere yabwino ngati A. Ngati mukufuna kudzatuluka cha m'masiku amenewo, powerengera gwiritsani ntchito mpata wokulirapo kuposa masenti 5 amene mukuona lero.